Kachilonda ka kuphazi kwa amayi sikapweteka: kodi kangadikire kutha kwa mwezi?

FUNSO



Ndikulemba ndili ku Lilongwe komwe ndimagwira ntchito, koma nkhani ndi ya amayi anga omwe ali kumudzi ku Ntcheu. Ali ndi zaka 62 ndipo adawapeza ndi matenda a shuga zaka 9 zapitazo. Amamwa mapiritsi a metifomini, ngakhale kuti nthawi zina amadukiza mankhwalawo akatha.

Dzulo mng'ono wanga wanditumizira chithunzi cha phazi lawo lamanja pa WhatsApp. Pansi pa phazi, pamalo potupa paja pamene pamayambira chala chachikulu, pali kachilonda kozungulira kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono. M'mbali mwake muli khungu lolimba loyererako. Chala chachikulucho chikuoneka chonenepa kuposa chinzake ndipo khungu lake likunyezimira. Akuti kachilondako katha milungu iwiri, kamatulutsa timadzi, ndipo patapata wayamba kuwathina. Amapakapo jivi, kenaka n'kuthirapo ufa wa kapusozi. Mwezi watha shuga wawo adapezeka pa 290.

Amayi akuti tisavutike chifukwa sakumva kupweteka kulikonse, kumunda akupita monga mwa masiku onse. Tsiku lawo la kusikelo ya shuga lili kutsogolo ndi milungu itatu, ndipo ine ndilandira kumapeto kwa mwezi. Akuopanso kuti akapita kuchipatala akawadula mwendo monga adachitira mnzawo wa kumpingo. Kodi chilonda chaching'ono chotere, chosapweteka, sichingadikire mpaka tsiku lawolo?

Ndine mwana wawo woda nkhawa, ku Lilongwe.

YANKHO

Achemwali,

Yankho langa n'lakuti ayi, sichingadikire. Amayi afike kuchipatala mawa m'mawa, ndipo ngati ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe nditchule pansipa, anyamuke lero lomwe. Lamulo lomwe madokotala amatsata pa phazi la munthu wa shuga ndi lakuti chilonda chatsopano chilichonse, kaya chichepe bwanji, chionedwe pasanathe tsiku limodzi. Cha amayi chatha kale milungu iwiri, ndipo zomwe mwaona pachithunzipo zikusonyeza kuti majeremusi alowamo. Ndikufotokozerani chifukwa chake mwatsatanetsatane, kuti mukamawaimbira foni mukhale ndi mawu owagonjetsera, pakuti ndikudziwa kuti makolo athu sasunthika ndi mawu akuti "adokotala atero" okha.

Tiyambe ndi mfundo yomwe amayi aimapo, yakuti sakumva kupweteka. Kwa munthu wopanda shuga mfundoyi ndi yomveka, chifukwa chilonda chikamakula ululu nawo umakula. Kwa munthu amene wakhala ndi shuga wokwera kwa zaka zambiri zinthu zimatembenuka. Shuga amawononga pang'onopang'ono mitsempha yomwe imanyamula uthenga wa ululu, kutentha ndi kukhudza, ndipo imayamba kuwonongeka ndi mitsempha yaitali kwambiri, yomwe imakafika ku zala za kumapazi. Mukawafunsa bwino amayi, mwina akuuzani kuti kwa zaka zingapo mapazi awo akhala akuchita dzanzi, kuyaka moto usiku, kapena kumva ngati akuponda pa thonje. Ena patapata amavuka panjira iwo osazindikira. Munthu wotere akhoza kuponda minga, kupsa ndi mbaula nyengo yozizira, kapena kulumidwa ndi khoswe ali mtulo, n'kudzaona magazi okha m'mawa.

Ululu ndi umene umachititsa munthu kutsimphina ndi kulipumitsa phazi. Inu mutakhala ndi chilonda pansi pa phazi, simungafike nacho kumunda. Amayi akufika, akulima, akubwerako atasenza nkhuni, ndipo paliponse pamene aponda thupi lawo lonse likutsamira pachilondapo. Minofu yatsopano yomwe thupi lidayesa kumanga usiku imaphwanyika m'mawa, ndipo majeremusi amakankhidwira m'kati. Choncho kusapweteka si umboni wakuti chilondacho n'chaching'ono. Ndi umboni wakuti mitsempha ya phazilo idasiya kuchenjeza, ndipo n'chifukwa chake chilonda chatha milungu iwiri osapola.

Tsopano tiyeni tichiwerenge chithunzicho monga mwachifotokozera, chinthu chimodzichimodzi.

Malo pamene pali chilonda ndi pamene pamalandira kulemera kwakukulu munthu akamanyamula phazi poyenda. Pansi pa khungu la pamenepo pali mfundo ya fupa la chala chachikulu, ndipo pakati pa khungu ndi fupa palibe mnofu wochuluka. Chilonda cha pamenepa sichiyenda mtunda wautali kuti chikafike pa fupa.

Khungu lolimba loyererako lomwe lazungulira chilondacho ndi chikundu. Kawirikawiri chikundu ndi chimene chimayamba. Chimakula pamalo potsindikizika, n'kumakanikiza minofu yofewa ya pansi pake mpaka minofuyo itaphwanyika n'kuchita kathumba ka magazi kapena ka madzi. Kathumbako kakaboola kunja m'pamene anthu amati chilonda chayamba, chikhalirecho m'kati chidayamba kalekale. Ichi n'chifukwa chake pakamwa pa chilonda chotere pamakhala papang'ono pamene mphako ya m'kati ndi yaikulu. Chikhadabo chomwe mwayerekezeracho ndi kukula kwa khomo chabe.

Chala chonenepa chonyezimira ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri. Mabuku ambiri a zachipatala amati tiyang'ane kufiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiira sikuonekera msanga, makamaka pa chithunzi cha foni. Kwa ife khungu lomwe lagwidwa ndi majeremusi limada kuposa lozungulira, limanyezimira, limakungika, ndipo timizere ta pachala timafafanizika. Chala chonse chikatupa mofanana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, madokotala amayamba kukayikira kuti majeremusi afika pa fupa. Patapata wothina akutiuza kuti kutupako sikuli pachala pokha, kwayamba kukwera phazi. Madokotala amati chilonda chagwidwa ndi majeremusi pakapezeka ziwiri mwa izi: kutupa, kusintha mtundu kwa khungu, kutentha, ululu, ndi mafinya. Amayi ali kale ndi ziwiri zoonekera pa chithunzi chokha, tisanagwire n'komwe phazilo.

Koma chithunzi chili ndi malire, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amanamizika. Chithunzi sichionetsa kuya kwa chilonda. Sichimva kutentha, sichimva fungo, ndiponso sichingatiuze ngati magazi akufika kuphaziko. Phazi la munthu wa shuga limafanana ndi nsichi yomwe yalowa chiswe: kunja mumangoona kadothi pang'ono, koma mukabaya ndi chala n'kupeza m'kati mwatha. Pansi pa phazi pali tizipinda tothinana totchingidwa ndi minyewa yolimba, ndipo m'menemo mumadutsa mitsempha yokoka zala, yomwe imachokera kumwendo. Mafinya akasonkhana m'kachipinda kotero sapeza potulukira. Amatsatira mitsempha ija kulowera pakati pa phazi ndi kuchidendene, kwinaku akufinya timitsempha ta magazi topita ku zala. Chala chomwe magazi asiya kufikako chimafa n'kuda bii. Ulendo wochokera pa kachilonda kooneka kofatsa kufika pa phazi lowola ukhoza kutenga masiku ochepa, osati miyezi. Milungu itatu yomwe mukufuna kudikira ndi nthawi yokwanira kuti zonsezi zichitike.

Nambala ya 290 ija nayo ili ndi gawo lake. Ngati makina adalemba mg/dL, ndiye kuti pa makina olemba mmol/L ndi pafupifupi 16, ndipo ndi yokwera kwambiri. Shuga akakwera chonchi, asilikali a m'magazi omwe amagwira majeremusi amafooka, ndipo thupi limachedwa kumanga minofu yatsopano. Majeremusi nawo akachuluka amakwezanso shuga, ndiye ziwirizi zimangokankhana. Nthawi zambiri shuga wokwera mosadziwika bwino ndiye chizindikiro choyamba chakuti chilonda chafika poipa. Dziwaninso kuti anthu ambiri a shuga omwe phazi lawo lagwidwa kwambiri ndi majeremusi satentha thupi. Musadikire kuti amayi ayambe kunjenjemera ndiye muziti zavuta. Ndipo akatentha thupi, asangogula mankhwala a malungo pagolosale. Kutentha thupi kwa munthu wa shuga yemwe ali ndi chilonda kuphazi kumaganiziridwa kuti kwachokera kuchilondako mpaka achipatala atapeza china.

Chinthu china chomwe chithunzi chimabisa ndi kayendedwe ka magazi. Shuga wa zaka zambiri, makamaka akaphatikana ndi kuthamanga kwa magazi kapena fodya, amachepetsa njira za m'mitsempha yotengera magazi kumiyendo. Magazi ndi amene amanyamula mpweya, chakudya ndi mankhwala omwe munthu wamwa. Akamafika ochepa, chilonda sichipola ngakhale chitsukidwe bwanji. Izi zimadziwika pogwira phazi ndi manja, ndipo n'chifukwa chake palibe dokotala woona amene angakuuzeni pa chithunzi chokha kuti chilondachi chili bwino. Chithunzi chikhoza kutiuza kuti thamangani. Sichingatiuze kuti khalani.

Mukamaliza kuwerenga yankholi, muimbireni mng'ono wanu ali pafupi ndi amayi, awakhazike pakhonde pamene pali kuwala, avule mapazi onse awiri, ndipo achite zinthu izi. Agwire phazi lodwala ndi kuseri kwa dzanja, kenaka agwire linzake pamalo omwewo, aone ngati lina likutentha kapena kuzizira kuposa linzake. Anunkhize nsalu yomwe amamangira pachilonda. Ayang'ane pakati pa zala zonse ndi kuchidendene. Atsindike pang'ono ndi chala pakati pa phazi, aone ngati pakhomo pa chilonda pakutuluka mafinya. Afinye nsonga ya chala chachikulu mpaka itayera, n'kusiya: magazi ayenera kubwerera pasanathe masekondi atatu. Pomaliza awafunse amayi ngati ali ndi mwanabere m'mphechepeche mwa mwendo umenewo.

Asadikire kucha ngati chala kapena khungu lina lada bii kapena latuwa, ngati chilonda chikununkha chowola, ngati mafinya akutuluka potsindika, kapena ngati kutupa ndi kuda kwa khungu kwapitirira masentimita awiri kuchokera m'mphepete mwa chilonda, komwe ndi pafupifupi kukula kwa chala chachikulu cha kumanja mopingasa. Chimodzimodzi ngati phazi lazizira n'kuchita mbuu, ngati phazi lomwe silinkamva kanthu layamba kupweteka m'kati, kapena ngati amayi akutentha thupi, kunjenjemera, kusanza, kupuma mofulumira, kumva ludzu losatha kapena kusokonekera mutu. Chimodzi chokha mwa izi chikukwanira kuti abwereke galimoto kapena njinga yamoto usiku womwewo. Ngati palibe n'chimodzi chomwe, anyamuke m'mamawa. Poona kutupa kwa chala chija, ndingakonde kuti akafike kuchipatala cha boma chachikulu, komwe kuli makina ojambulira mafupa ndi chipinda cha opaleshoni. Akayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, akanene mawu awa pakhomo pomwe: "Amayiwa ali ndi shuga, ali ndi chilonda kuphazi cha milungu iwiri, ndipo phazi latupa." Akapemphe kalata yowatumiza kutsogolo ngati pamenepo sangathe kuyeza kuya kwa chilonda.

Podikira ulendowo, chinthu chachikulu ndi chakuti amayi asaponderenso phazilo. Kumunda ayi, kumjigo ayi, kuphika choimirira ayi. Popita kuchimbudzi atsamire pa munthu kapena pa ndodo, ndipo popita kuchipatala akwere kabaza kuchokera pakhomo, asayende wapansi mpaka kumsewu. Chilonda chitsukidwe pothirapo madzi owiritsa omwe azizira, osungunuliramo tisupuni ting'onoting'ono tiwiri ta mchere pa lita imodzi. Apukute m'mbali mwake, aphimbe ndi kansalu koyera kochapa ndi kusita, ndipo amange mosathina. Mankhwala awo a shuga apitirize kumwa monga adawauzira, adye, ndipo amwe madzi okwanira.

Jivi ndi ufa wa kapusozi azisiye lero. Jivi amaumitsa pamwamba n'kupanga nkhanambo pamene m'kati mukadali mafinya, ndiponso amadetsa malo onse moti namwino satha kuona mtundu weniweni wa minofu. Ufa wa kapusozi sufika kumene kuli majeremusi. Umangoumbika ndi timadzi tija n'kutseka khomo lomwe mafinya akadatulukira. Asaviike phazi m'madzi otentha amchere, chifukwa phazi losamva kutentha limapsa mwini wake ali chete, ndipo kuviika kumafewetsa khungu n'kutsegula njira zina. Sipiriti, phulusa, masamba otafuna ndi mankhwala otsukira mano, zonsezi ayi. Ndipo wina asayerekeze kusenga chikundu chija ndi lezala. Ntchito imeneyo ikufunikadi, koma ndi ya kuchipatala.

Ndikuuzeni zomwe zikachitike kumeneko, kuti mng'ono wanu akadziwe choyembekezera ndi chofunsa. Akayeza shuga, kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Kenaka akagwira mitsempha iwiri ya phazi kuti amve kugunda kwake, wina pamwamba pa phazi, wina kuseri kwa kakolo wa m'kati. Kumene kuli zipangizo amakhudzanso pansi pa phazi ndi kaulusi kolimba kapulasitiki, wodwala atatsinzina, kuti aone malo omwe adasiya kumva. Akatero amasenga chikundu chonse ndi minofu yakufa ndi kampeni ka opaleshoni. Apa muwachenjezeretu amayi: akamachoka pamenepo chilonda chidzaoneka chachikulu kuposa mmene adabwerera nacho, ndipo mwina chidzatuluka magazi. Sikuti achipatala achikulitsa. Angochotsa chophimba kuti kukula kwake kwenikweni kuoneke ndi kuti mafinya atuluke. Magazi ofiira otuluka m'mphepete ndi nkhani yabwino, chifukwa akusonyeza kuti minofu ili moyo.

Kenaka pali kuyeza kwina kosavuta koma kofunika zedi. Dokotala amalowetsa kachitsulo kobuntha kophedwa majeremusi m'chilondamo. Kakagunda chinthu cholimba chokhakhala, ndiye kuti kafika pa fupa, ndipo pa chilonda chomwe chili ndi majeremusi zimenezi kawirikawiri zimatanthauza kuti fupalo lagwidwa. Akajambulanso phazi, koma dziwani kuti kuwonongeka kwa fupa kumatenga milungu iwiri kapena itatu kuti kuyambe kuoneka pa chithunzi cha mafupa. Choyamba chikatuluka bwino pamene chala chikadali chotupa, ndi bwino kudzajambulanso pakapita milungu ingapo. Mng'ono wanu asachoke asadafunse mafunso atatu: kodi chilondachi chafika pa fupa, kodi magazi akufika bwino kuphazi, ndipo kodi tibwerenso liti. Akumbutsenso za katemera wa kafumbata, popeza amayi akhala akulima ndi chilonda chotsegula.

Kusiyana kwa kupita mawa ndi kupita kumapeto kwa mwezi kumaonekera bwino pa chithandizo chimene munthu amalandira. Majeremusi akakhala m'khungu ndi m'minofu yokha, nthawi zambiri mankhwala a mlungu umodzi kapena iwiri amakwanira, pamodzi ndi kutsuka chilonda ndi kupumitsa phazi. Akafika pa fupa, mankhwala amatenga milungu pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo nthawi zina kachidutswa ka fupa kapena chala chimachotsedwa. Mafinya akadzaza pakati pa phazi, pamafunika kugonekedwa, mankhwala a m'diripi, ndi opaleshoni yotsegula phazi mwachangu. Akapitirira kakolo, kapena akalowa m'magazi, madokotala amasiya kulimbana ndi kupulumutsa phazi n'kuyamba kulimbana ndi kupulumutsa moyo. Muwerengere nokha kuti ndalama yaikulu ili pati: ya kabaza ndi minibasi ya mawa, kapena ya mng'ono wanu kukhala pachipatala mwezi wathunthu akudikirira odwala, munda uli wosalima. Akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati malipiro ali kutali, kongolani, kapena pemphani abale asonkhe lero. M'zipatala za boma chithandizo sichilipiritsidwa, chachikulu chomwe mukusaka ndi cha mayendedwe ndi chakudya.

Mantha a amayi akuti akawadula mwendo musawapeputse, chifukwa adaona ndi maso zomwe zidamuchitikira mnzawo. Koma muwathandize kuona pamene nkhaniyo idayambira. Madokotala amawerengera kuti mwa anthu 100 a shuga omwe amadulidwa mwendo kapena phazi, pafupifupi 85 vuto lawo lidayamba ndi chilonda cha kuphazi. Ambiri amafika kuchipatala phazi litada kale, atayesa zonse za kunyumba, ndipo kumudzi nkhani imamveka yakuti kuchipatala amadula miyendo. Wotsatira naye amaopa, amachedwa, amadulidwa, ndipo mbiri ija imalimba. Dokotala sadula phazi lomwe magazi akuyenda ndipo minofu yake ili moyo, komanso sachita opaleshoni popanda chilolezo cha wodwala. Njira yotsimikizika yosungira mwendo wa amayi ndi kuwafikitsa phazi likadali lofunda ndi zala zonse zili zamoyo. Akawauzanso kuti ayambe kubaya insulini, asaone ngati matenda afika pamapeto. Nthawi zambiri pa nyengo ya chilonda mapiritsi okha salimba kutsitsa shuga, ndipo ena amabwereranso ku mapiritsi chilonda chikapola.

Akabwerako, ntchito yaikulu idzakhala ya pakhomo, ndipo mbali yovuta kwambiri ndi ija ya kusaponda. Mankhwala amapha majeremusi, koma chilonda cha pansi pa phazi sichitseka munthu akamachiponda tsiku ndi tsiku. M'zipatala zina amaika chikhakha chapadera chomwe chimagawa kulemera kwa thupi kuti kusagwere pachilonda, koma izi zimachitika majeremusi akatha ndiponso magazi akakhala kuti akuyenda bwino. Kwina amapereka ndodo zoyendera kapena kuika kansalu kochindikala kobooka pakati kuzungulira chilonda. Chilichonse chomwe angapatsidwe, banja ligawane ntchito za amayi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kuwauza kuti apume pamene palibe wotunga madzi ndi kungotaya mawu.

Apa tsopano m'pamene chithunzi chidzakhale ndi ntchito yake yeniyeni. Mng'ono wanu azijambula chilondacho kamodzi pa mlungu, tsiku lomwelomwelo, atachitsuka, panja pamthunzi pamene pali kuwala kwa dzuwa, osayatsa kuwala kwa foni. Aziika rula ya mwana wa sukulu pambali pake, osakhudza chilonda, kuti kukula kwake kuziwerengeka. Azijambula katatu: chilonda chapafupi, phazi lonse pansi ndi pamwamba, ndi mapazi onse awiri ali pamodzi kuti kutupa kuzionekera poyerekeza. Zithunzizi azipita nazo kuchipatala pamodzi ndi kabuku ka amayi. Muyeso womwe madokotala amagwiritsa ntchito ndi wakuti chilonda chomwe chikusamalidwa bwino chiyenera kuchepa ndi theka pakatha milungu inayi. Chikapanda kutero pali chomwe chikuchitchinga: mwina amayi akupondabe, mwina shuga sadatsike, mwina fupa lagwidwa, kapena magazi sakufika. Zikatero ndi nthawi yopempha kuti awatumize kuchipatala chachikulu monga cha Kamuzu ku Lilongwe kapena cha Gulupu ku Blantyre. Ndipo ngati chithunzi cha mlungu uno chaipa kuposa cha mlungu watha, asadikire tsiku lomwe adalemberedwa.

Chilonda chikadzapola, musadzaiwale kuti mitsempha yomwe idafa siidzukanso. Mwa anthu 10 omwe chilonda chotere chapola, pafupifupi 4 amadzakhala ndi china chaka chisanathe. Choncho amayi asadzayendenso opanda nsapato, ngakhale pabwalo pa nyumba yawo. Patapata wa pakati pa zala alowedwe m'malo ndi nsapato yotseka, yofewa m'kati, yotakasuka ku zala, ndipo azigwedeza ndi kupisamo dzanja asanavale. Madzulo alionse wina aziwayang'ana pansi pa mapazi ndi pakati pa zala, azidzola mafuta ku zidendene kuti zisachite ming'alu, koma osati pakati pa zala. Chikundu chatsopano, thuza, kapena kadontho kakuda pansi pa khungu lolimba, zonsezi ndi zopita nazo kuchipatala mlungu womwewo. Mankhwala a shuga asamadukize. Inu muli m'tauni, dziwani tsiku lomwe mapiritsi awo amatha ndipo muziimba foni mlungu umodzi lisanafike.

Kwa owerenga ena omwe muli kutali ndi makolo, kaya ku Lilongwe, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo mwalandira chithunzi chonga ichi, musachitumize m'magulu a abale kuti aliyense anenepo mankhwala ake. Funsani funso limodzi, ngati mwini phaziyo ali ndi shuga. Akati inde, tumizani ya mayendedwe tsiku lomwelo.

Achemwali, imbani foni tsopano. Mng'ono wanu ayang'ane phazilo monga ndafotokozera, akonze kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe amayi akumwa, apangane ndi wakabaza usiku uno, ndipo mawa dzuwa likamatuluka akhale ali panjira.